Malangizo: Musagwedezeke Potambasula Mwendo

Anyamata a mpira pa Likoma, kuyambira ku Mbamba mpaka kwa Makulawe, tamverani. Mukawerama kugwira zala za kumapazi n'kumagwedezeka, mukulimbana ndi thupi lanu lomwe. M'kati mwa mnofu muli timinyewa tomva kutalika kwake ndiponso liwiro limene ukukokedwera. Mukaukoka modzidzimutsa, timatumiza uthenga ku mitsempha ya mu msana, ndipo msana umalamula mnofuwo kuti ukungike ubongo usanadziwe n'komwe. Ndiye mukukoka mnofu umene ukukana.

Koma mukawerama pang'onopang'ono n'kukhala chomwecho masekondi 30, timinyewato timachepetsa uthenga, kuseri kwa ntchafu n'kumasuka. Ntchafu ikayamba kunjenjemera kapena kulasa, mwapitirira. Bwererani pang'ono.