Dzina la Mualadzi: Yankho kwa Womvera Wathu

Zikomo bambo a ku Chifunde chifukwa cha kalata yanu yofunsa komwe dzina la Mualadzi lidachokera.

Yambani ndi kutchula dzinalo mokweza. Apwitikizi amalemba "mua" pomwe ife timalemba "mwa", ndiye pakamwa pathu ndi Mwaladzi. Khutu limamvamo mwala, ndipo "dzi" wakumapetoyo timamumvanso m'maina a mitsinje monga Namadzi ndi Mkulumadzi. Komatu musathamange nazo, khutu limanamiza. Pitani kwa anyakwawa ndi agogo, aliyense payekha, chifukwa pabwalo onse amangovomera zomwe wanena wamkulu. Musawayankhire. Ingofunsani kuti, "Chidayamba kutchedwa choncho n'chiyani, mtsinje, phiri kapena munthu? Inu mudamva kwa yani?" Akatchula mwala, akakulozereni ndi chala pomwe uli.

Pa mapu akale pali msampha. Mukatenga mapu a Apwitikizi dziko la Mozambique lisanalandire ufulu mu 1975, yang'anani dzina loti Vila Gamito. Gamitoyo ndi msilikali António Gamito, amene adanyamuka ku Tete mu 1831 kupita kwa Mwata Kazembe. Dzina la atsamundalo lidaphimba lathu, choncho pamapupo werenganinso tizilembo ting'onoting'ono ta mitsinje, poti maina a mitsinje kawirikawiri sankawasintha.

Chinanso, ku Moatize kulinso Mualadzi, komwe adasamutsirako anthu chifukwa cha migodi ya malasha. Musasokoneze awiriwa.

Mukacheza nawo agogowo, mutilemberenso, tidzawerenga pompano.