Musathamangire Chiganizo Choyamba

Ana anga a Sitandade 8 ndi inu a ku sekondale kuno ku Mwanza, pali funso lina limene mumaliderera chifukwa silifuna kuloweza chilichonse. Aphunzitsi amatenga ndime yabwinobwino, n'kuiphwasula, n'kukupatsani ziganizo zake zitasokonezedwa kuti muzisanje. Ambiri mwa inu mumangoti maso pa pepala, n'kuyamba kusaka chiganizo chimene chikumveka ngati choyamba, kenako zotsalazo mumaziika mongotsatira khutu. Pa zaka zimene ndachonga makope, ndaona malikisi ambiri akutayika pamenepa. Khutu limanyenga, pakuti chiganizo chilichonse cholembedwa bwino chimamveka bwino paliponse pamene mwachiika.

Yambani ndi kumanga ziganizo ziwiriziwiri. Chiganizo chikachotsedwa m'ndime chimachoka ndi zizindikiro zoloza mnzake amene chinali naye pafupi, ndipo m'Chichewa zizindikirozi n'zochuluka, chifukwa dzina lililonse lili ndi gulu lake ndipo agwirizanitsi ake amalitsatira m'chiganizo chonse. Tiyeni tione ndi nkhani imene aliyense wa kuno akuidziwa.

A. Akafika nazo pamenepo, amaziyala milumilu m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Zobue.
B. Koma poti zonse zimapsa nthawi imodzi, mtengo wake umatsika kwambiri.
C. Alimi ambiri a m'boma la Mwanza amadalira manachesi.
D. N'chifukwa chake ena amalolera kulipira galimoto kuti akazigulitse ku Blantyre.
E. Zipatsozi zikapsa m'nyengo yozizira, alimiwo amazithyola n'kupita nazo paboma.

Tengani pensulo mudule mzere kunsi kwa mawu alionse amene sangaime paokha. Mu A muli "nazo", "pamenepo" ndi "zi" wa mu "amaziyala". Mu B muli "koma" ndi "zonse". Mu D muli "n'chifukwa chake" ndi "ena". Mu E muli "zi" wa kumapeto kwa "zipatsozi" ndi "wo" wa kumapeto kwa "alimiwo". Timawu tomata kumapeto kwa dzinati timaiwalika kwambiri, chonsecho timanena poyera kuti dzinalo latchulidwa kale. Munthu sanganene kuti "alimiwo" asanakuuzeni kuti ndi alimi ati. Chiganizo C chokha ndicho chatsala chopanda mzere, ndipo potero chadziulula chokha kuti n'choyamba, inu osavutika kuchisaka.

Tsopano funsani mawu aliwonse odulidwa mzere kuti akuloza chiyani. Mwana wopupuluma amaona manachesi mu C, n'kuona kupsa ndi mtengo mu B, basi n'kuzilumikiza. Koma taonetsetsani. Manachesi ali m'gulu la Li-Ma, ndiye tikanati "onse amapsa". Pamene B akuti "zonse zimapsa", akufuna dzina la gulu la Chi-Zi, ndipo dzinalo ndi "zipatso", limene likulowa m'nkhani kudzera mwa E. Choncho B sangabwere E asanabwere. A ndi D nawonso chimodzimodzi, poti onse ali ndi "zi". E ndiye mlatho: akutenga manachesi a mu C n'kuwatcha zipatso, kuti ena onse ayendepo.

Msampha weniweni uli pa A. Mawu oti "akafika" akusonyeza kuti pali ulendo umene watchulidwa, koma maulendo m'ndimeyi ndi awiri, wa paboma mu E ndi wa ku Blantyre mu D. Ana ambiri amaika A kumapeto, poganiza kuti alimi afika mu mzinda n'kuyala malonda awo. Wina angatsutse ponena kuti msewu wa ku Zobue suyalidwa malonda ku Blantyre, koma tsiku lina adzakupatsani ndime ya dziko limene simunalipondepo, ndiye musadalire kudziwa malo. Dalirani galamala. Malo a "ku" amalozedwa ndi "kumeneko", a "pa" ndi "pamenepo", a "mu" ndi "m'menemo". A wanena kuti "pamenepo", kutanthauza paboma. Akanakhala wa ku Blantyre akanati "kumeneko". Apa E ndi A amangika pamodzi.

B ndi D savuta. "N'chifukwa chake" amabwera pambuyo pa chifukwa, ndipo chimene chingamukwezetse mlimi galimoto ndi kutsika kwa mtengo. Tili ndi C payekha, E ndi A, B ndi D, ndipo taona kale kuti B amadikira E. Yankho ndi C, E, A, B, D. Funso likakhala la mayankho osankha, simufunikanso kumaliza zonsezi. Mukangotsimikiza kuti A amatsatira E, fufutani yankho lililonse limene lawalekanitsa, ndipo kawirikawiri patsala limodzi kapena awiri.

Ndikuchenjezeni za alumikizi. "Koma" sakuuzani zambiri monga mmene mumaganizira. Amangonena kuti nkhani yakhota, osanena kuti yakhota kuchokera pati, ndipo m'ndime yathuyi, potengera "koma" yekha, B akanatha kumveka bwino pambuyo pa C kapena E. Chimene chamukhazika pamalo pake ndi agwirizanitsi ndi ubale wake ndi D. Mawu ngati "atatero", "akatero" ndi "nso" womata kumapeto ndiwo amagwira zolimba, chifukwa amafuna ntchito imene yangochitika kumene kapena chinthu chinzake chimene changotchulidwa.

Zaka nazo zimapusitsa. Mwazolowera kuti chaka chaching'ono chimayamba, koma wolemba ali ndi ufulu woyambira kutsogolo n'kubwerera m'mbuyo. Taonani ziganizo ziwiri izi za mbiri ya boma lathu lino. "Anthuwa anali ataphedwa mu Meyi 1983, ndipo mitembo yawo inapezeka pa msewu wa ku Thambani." "Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linakhazikitsa komiti yofufuza imfa za Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga." Wotsatira zaka ayamba ndi 1983 n'kulakwa. "Anthuwa" akufuna mayina atatchulidwa kale, ndipo mneni woti "anali ataphedwa" akunena za chinthu chimene chinachitika china chisanachitike, ndiye chinacho chiyenera kukhala chitanenedwa. Zaka zikakangana ndi mlowam'malo, mverani mlowam'malo.

Njirayi ili ndi polekezera, ndipo polekezera pake ndi pa "a". Alimi "amapsa mtima", manachesi "amapsa", agogo mmodzi yekha "amapsereza ndiwo": "a" mmodzimodziyo akuimira anthu ambiri, zinthu za gulu la Li-Ma ndiponso munthu mmodzi wolemekezeka. "Iye" nayenso sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Mukakumana ndi zotere, mgwirizanitsi sakuthandizani, ndipo muyenera kufunsa mneni kuti ntchito imeneyi angaigwire ndani. Chothyola ndi munthu, chothyoledwa ndi chipatso.

Pa pepala la Chingerezi zinthu zimatembenuka. Kumeneko mlowam'malo amakuuzani ngati akunena mwamuna kapena mkazi, koma zinthu zonse zopanda moyo zimagawana mlowam'malo mmodzi, ndiye lole, msewu ndi chipatso sizisiyanitsika monga zichitira kwathu. M'malo mwa "yo" ndi "wo" womata kumapeto, Chingerezi chili ndi timawu tiwiri toima patsogolo pa dzina, kena ka chinthu chimene chikutchulidwa koyamba, kena ka chinthu chodziwika kale. Dzina limodzi likaoneka m'ziganizo ziwiri ndi timawu tosiyanati, chiganizo chokhala ndi ka chinthu chatsopano ndicho chimatsogola.

Mukamaliza kusanja, werengani ndime yonse kamodzi chamumtima, ndipo pa mlowam'malo aliyense ikani dzina lake lenileni. Pamene dzinalo likukana kulowa, kapena pamene mukulisaka m'chiganizo cha kutsogolo m'malo mwa cha m'mbuyo, ndi pamene pali cholakwa, ndipo nthawi zambiri kusinthanitsa ziganizo ziwiri zoyandikana pamalopo kumakonza zonse.