Bwanji sopo amasowa lero n'kudzaza mashelefu mawa?

Makalata a sabata ino akudandaula nkhani imodzi. Yoyamba yachokera kwa mayi wina amene ali ndi golosale ku Mchinji. Akuti: "Mwezi watha kuholoselo anatiuza kuti sopo watha, fakitale ikulephera kukwanitsa maoda. Mwezi uno sopo yemweyo wadzaza, akuchita kutinyengerera kuti tipikule. Komatu anthu kuno akuchapa monga mwa masiku onse. Kodi wina akutiseweretsa?"

Mayi, nthawi zambiri palibe amene akukuseweretsani. Gwero la vutoli ndi lakuti oda imene mumatumiza kuholoselo si yofanana ndi sopo amene mwagulitsa. Tiwerengere limodzi, ndi manambala ongoyerekeza. Tinene kuti mumagulitsa makatoni 100 pa sabata, ndipo inu, holoselo ndi fakitale, aliyense amasunga katundu wokwana malonda a sabata imodzi kuti asagwidwe njakata. Sabata ina makasitomala agula makatoni 110. Inu muoda 110 obwezeretsa amene atuluka, n'kuwonjezera 10 kuti nkhokwe yanu ichoke pa 100 kufika pa 110. Oda yanu ndi 120. Mwini holoselo sawaona makasitomala anu, amangoona pepala lanu, ndiye kwa iye malonda afika pa 120. Abwezeretsa 120, awonjezera 20 a nkhokwe yake, aoda 140. Fakitale nayo iona 140, iwonjezera 40, ipanga makatoni 180. Ochapa awonjezera makatoni 10 okha, koma makina a fakitale awonjezera 80, ndipo ngati sangakwanitse msanga, mumauzidwa kuti sopo watha.

Mbali yopweteka imabwera sabata yachiwiri. Makasitomala agulanso 110. Nkhokwe yanu yakwana kale, ndiye muoda 110 basi. Holoselo iona oda yatsika kuchoka pa 120, izindikira kuti yasunga makatoni 10 opitirira, ioda 100. Fakitale ili ndi 140 mosungira katundu pamene tsopano ikuganiza kuti 100 ndi okwanira, choncho ipanga 60 okha. Kuchoka pa 180 kufika pa 60 m'masabata awiri, pamene pakauntala panu sipanasinthe kanthu. Akatswiri amafanizira zimenezi ndi chikwapu cha woyendetsa ngolo: dzanja limagwedezeka pang'ono, koma nsonga imakwapula mwamphamvu. Ndipo katundu akamachedwa panjira, aliyense amakakamizika kusunga wambiri, kugwedezekako n'kukula. Mukabwereza masamu omwewa ndi nkhokwe ya masabata awiri, maoda a sabata yoyamba amakhala 130, 190 ndi 370, ndipo sabata yotsatira fakitale siyatsa n'komwe makina. Onani kuti pa anthu atatuwa palibe wopusa kapena wakuba. Aliyense wachita zanzeru malinga ndi pepala limene lili m'manja mwake.

Zimenezi anazifotokoza kalekale Jay Forrester wa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku Amereka, m'buku lake la 1961. Pambuyo pake akuluakulu a kampani ya Procter & Gamble anadabwa ndi matewera awo a Pampers: makanda amawagwiritsa ntchito mofanana mwezi ndi mwezi, koma maoda ofika kufakitale ankakwera n'kutsika kwambiri. Mu 1997 Hau Lee ndi anzake awiri, Padmanabhan ndi Whang, anatchula zifukwa zinayi. Choyamba ndi chimene tawerengerachi, kulosera malonda potengera maoda. Zina ndi kuoda kamodzi kambirimbiri, kusinthasintha kwa mitengo, ndi kukokomeza oda katundu akamasowa.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo wina wogwira ntchito muholoselo ku Limbe. Iwo akuti: "Ife timagulitsa kwa magolosale mazanamazana. Wina akaoda zambiri, wina amaoda zochepa, zimafafanizana. Vuto lenileni ndi amalonda adyera obisa katundu."

Bambo, mfundo yanu yoyamba ndi yoona pamene magolosale akusintha maoda aliyense pa chifukwa chakechake. Koma zimene zimasuntha malonda kawirikawiri zimagwera onse nthawi imodzi: malipiro a kumapeto kwa mwezi, ndalama za zokolola, Khirisimasi, mphekesera yoti mtengo ukwera. Pamenepo palibe kufafanizana, maoda onse amaloza mbali imodzi. Za obisa katundu sindikukana, alipo. Koma taganizirani chimene chimachitika inu eni mukayamba kugawa katundu wochepa potengera kukula kwa oda. Mayi wa ku Mchinji uja akufuna makatoni 110, wamva kuti mukupereka theka la zimene munthu walemba, ndiye alemba 220. Mwina alembanso oda ina kuholoselo yachiwiri. Kumeneko si dyera, akuteteza golosale yake ku lamulo limene mwaika inu. Fakitale ikaona maoda onenepawo imalemba aganyu, kuitanitsa zipangizo zambiri ndi kugwira usiku. Katundu akafika wokwanira, aliyense amachotsa oda yake yabodza ija, ndipo mpamene mumayamba kunyengerera anthu kuti apikule. Mankhwala ake ndi odziwika: pogawa katundu wosowa, tengerani zimene golosale iliyonse inagula miyezi yapitayi, osati zimene yalemba lero. Kukokomeza kumasiya kupindulitsa, ndipo kumatha kokha. Chimodzimodzinso kutsitsa mtengo kwa sabata imodzi. Sikuchititsa anthu kuchapa kawiri, kumangochititsa magolosale kugula lero sopo wa mwezi wamawa, mwezi wamawawo n'kukhala zii.

Wachitatu watumiza uthenga waufupi kuchokera ku Chipata: "Ndingadziwe bwanji kuti zikuchitika pa bizinesi yanga, ndipo ndichite chiyani?"

Tengani kope la malonda ndi malisiti opikulira a masabata 12. Lembani mizere iwiri, makatoni ogulitsa ndi makatoni ooda pa sabata iliyonse. Ngati malonda akuyenda pakati pa 95 ndi 115, koma maoda akudumpha kuchoka pa 40 kufika pa 200, kugwedezekako kukubadwira pa inu. Chothandiza kwambiri ndi chakuti amene ali kumbuyo kwanu aone malonda enieni. M'chitsanzo chathu chija, holoselo ndi fakitale zikadadziwa kuti ochapa agula 110, aliyense akadangowonjezera 10 pa nkhokwe yake: maoda akadakhala 120, 130 ndi 140 m'malo mwa 180, ndipo sabata yachiwiri onse akadakhazikika pa 110. Ndi njira imeneyi imene masitolo a Walmart ndi Procter & Gamble anatsata, sitolo n'kumaonetsa wopanga katundu zimene zatuluka pakauntala. Chachiwiri, musasinthe mlingo wa nkhokwe chifukwa cha sabata imodzi yabwino. Tengani avereji ya masabata anayi kapena kuposerapo.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti kuulula malonda ako n'kudzigulitsa, ndipo kuoda pang'onopang'ono n'kosatheka pamene lole imalipiritsa ulendo wonse. Nkhawa zonsezi n'zomveka. Koma holoselo sifunika kudziwa phindu lanu kapena mayina a makasitomala, imangofunika chiwerengero cha makatoni, chimene mungatumize pafoni Loweruka lililonse. Za mayendedwe, wa golosale yakutali sangaleke kupikula kambirimbiri, ndipo ine sindingamulangize kuwononga ndalama ya thiransipoti pofuna kusangalatsa fakitale. Chimene angachite ndi kusakaniza sopo, shuga ndi mafuta ophikira m'galimoto imodzi, kapena kugawana lole ndi magolosale oyandikana nawo, kuti apikule kawiri pamwezi m'malo mwa kamodzi. Mayi a ku Mchinji, yambani ndi mizere iwiri ija, ndipo mudzatilembere zimene mwapeza.