Mnzanu wa pantchito mwakhala osalankhulana: mupite liti, mudikire liti?

Kuno ku Domasi ntchito yambiri ndi ya maphunziro: koleji yophunzitsa aphunzitsi, Malawi Institute of Education, ndi sukulu zozungulira mishoni yomwe inayamba mu 1884. Anthu amene mwakangana nawo mustafurumu ndi omwewo mudzakwere nawo minibasi ya ku Zomba ndi kugula nawo tomato pa Songani. Kuzembana sikupita patali.

Tiyerekeze aphunzitsi awiri a Fomu 4 anasemphana mawu pa nkhani ya mapiriyodi, wina akuti mnzake anamulanda nthawi yokonzekeretsa ana mayeso. Papita miyezi iwiri, uthenga akumatuma ana a sukulu. Kodi ayambe ndani, ndipo liti?

Musawerenge masiku. Yang'anani zinthu ziwiri: ntchito ndi moni. Ngati ntchito ikuwonongeka, monga malikisi kuchedwa kufika kwa ahedi kapena ana kusokonezeka pamene mayeso a MANEB ayandikira, nthawi yodikira yatha. Kutuma ana kulekeretu, chifukwa amazindikira msanga ndipo nkhani imafika kwa makolo.

Moni ndiye muyeso wa mtima wa mnzanu. Kwa sabata imodzi perekani moni m'mawa uliwonse, popanda kuwonjeza kanthu. Akayankha n'kubweza kuti “kaya inu,” khomo latseguka. Akangoti “bwino” maso ali pakope, bala likadali laliwisi.

Khomo likatseguka, musatumize uthenga wautali pa WhatsApp, poti mawu olembedwa amawerengedwa ndi mkwiyo wakale ndipo amatha kutumizidwa kwa ena. Apezeni ali okha mukaweruka, munene kuti: “Aphunzitsi, ndikupempha kanthawi tikambirane. Momwe ndinalankhulira tsiku lija sizinali bwino.” Pepesani pa mbali yanu yokha, osayamba kuwerengera zolakwa zawo. Kenako gwirizanani chinthu chimodzi chogwirika, monga piriyodi ya Lachitatu kukhala ya ndani.

Dikirani ngati nkhani ili kale m'manja mwa ahedi kapena komiti yosungitsa mwambo, chifukwa kupita mwamseri kungaoneke ngati mukufuna kusintha umboni. Dikiraninso ngati cholinga chanu chikadali kuwaonetsa kuti inu ndinu munalondola. Mnzanu akaferedwa, pitani kusiwa mukapepese maliro, koma za mkangano musazitchule mpaka atabwerera kuntchito. Ngati ndi Msilamu ndipo ali pa mwezi wa Ramadani, masana a njala ndi ludzu si nthawi ya nkhani yolemera.

Akakana, musakakamire. Pitirizani moni, lolani papite masabata awiri, ndipo mupemphe mphunzitsi wachikulire amene nonse mumamulemekeza akhale mkhalapakati. Koma ngati panali kuopsezana kapena kukufunani zachisembwere, musapite nokha: lembani dandaulo, muikepo tsiku, mulipereke kwa akuluakulu.