Kupeza Tanthauzo la Mawu

Werengani chiganizo ichi: "Pa Liwonde mtsinje wa Shire, umene umalekanitsa Machinga ndi Balaka, suwolokeka ndi miyendo pakuti ngwakuya."

Kodi "suwolokeka" atanthauzanji? Tiyeni tiwagawe. Pakati pali tsinde la mneni "woloka". Mphatikira wa kumayambiriro, "su-", akukana. Mphatikira wa kumapeto, "-eka", akusonyeza kutheka. Tsono tanthauzo lake ndi lakuti nkosatheka kuuwoloka. Mawu oti "ngwakuya" akutitsimikizira zimenezi.

Koma chenjerani. M'chiganizo chakuti "Mlimi wa ku Ulongwe anabwereka khasu," mneniyo sakuchokera ku "bwera". Khasulo likutiuza kuti mlimiyo analitenga kwa mnzake ndipo adzalibweza.

Ntchito

Gawani mawu awa, ndipo mufotokoze matanthauzo ake: sudyeka, sizimveka, sichinyamulika.