Jambulani phunziro lokwana m'kafoni ka mabatani

Aphunzitsi anzanga amene mwangoyamba kumene ntchito, musanatsegule pakamwa kuti mujambule phunziro, pitani mukaone foni imene phunzirolo lidzamvekerepo. Ambiri mwa inu muli ndi foni yaikulu yotsetsereka ndi chala, koma kwawo kwa mwana wanu wa Fomu 1 kuli kafoni ka mabatani, ka Itel kapena Tecno, ndipo si kake. N'ka bambo ake. Kamachoka m'mawa kupita kumsika kapena kudimba, kamabwerera dzuwa litalowa, ndipo batire yake yatchajidwa ndi ndalama pagolosale. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, aphunzitsi ambiri anajambula maphunziro abwino ndithu amene anathera m'mafoni mwawo momwe, chifukwa anawakonzera foni imene anawo alibe.

N'chifukwa chake ndikukulangizani kuti muyambe ndi mawu okha, vidiyo idikire. Vidiyo ya mphindi imodzi yojambulidwa pafoni yamakono imatha kudya malo oposa 50 MB, ndipo ikafika pakafoni kaja imakana kutseguka, kapena ikatseguka, zimene munalemba pabolodi zimaoneka ngati nyerere. Mawu a mphindi 10 osungidwa mu MP3 pa 64 kbps ndi pafupifupi 5 MB basi. Ndiye kuti maphunziro 200 akwana mu 1 GB, ndipo memori khadi ya 2 GB, imene ena amainyoza, isenza teremu yonse malo n'kutsala.

Mtundu wa fayilo ndi umene umagwetsa ambiri. Uthenga wa mawu wa pa WhatsApp umasungidwa mu opus, ndipo mafoni ambiri aakulu amajambula mu m4a. Timafoni tambiri ta mabatani timakana opus, tina timakananso m4a, n'kungolemba kuti fayiloyo sikuzindikirika, kapena osaionetsa n'komwe pamndandanda wa nyimbo. MP3 ndiyo imene pafupifupi foni iliyonse imalandira, ngakhalenso timawayilesi ndi timasipika tolowetsa khadi. Ngati pasukulu pali kompyuta, pulogalamu yaulere ya Audacity ikhoza kukuthandizani kudula ndi kusunga mawu mu MP3. Sankhani mono, poti mawu a munthu mmodzi safuna mbali ziwiri. Mukatero bwerekani kafoni ka mlonda kapena ka mayi wogulitsa mandasi pageti, mumvetsere phunziro lonse pamenepo. Foni yanu idzakunamizani chifukwa imatsegula chilichonse.

Pojambula musalowe m'kalasi mopanda ana. Makoma ndi simenti zimabweza mawu, ndipo pakasipika kakang'ono mawu obwererawo amasanduka phokoso. Chipinda chogona, chokhala ndi matiresi, makatani ndi zovala zopachika, chimameza mawu obwerera. Foni muiike pa Airplane mode kuti wina asakuimbireni pakati pa phunziro, ikhale patali ndi pakamwa ngati kutalika kwa chikhatho, komanso cham'mbali pang'ono kuti mpweya wa "ph" ndi "th" usamaombe maikolofoni. Mvula ikayamba padenga la malata, lekani, mudzapitirize mawa.

Koma ntchito yeniyeni yagona pa kalankhulidwe, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalitse. M'kalasi timaphunzitsa ndi chala. Timati "ichi tichipititse uku, apa patsala chiyani?" ana n'kumva, chifukwa akuona choko. Mwana womvetsera pafoni saona "ichi" kapena "uku". Tiyerekeze kuti mukuphunzitsa 2x + 3 = 11. Musayambe ndi kufotokoza. Yambani ndi kumutumiza: "Tenga kope ndi cholembera. Imitsa foni, ukapeza uyatsenso." Kenako mulembetseni samuyo chizindikiro chimodzichimodzi: "Lemba 2, pambali pake penipeni lemba x. Lemba chizindikiro chophatikiza, kenako 3. Lemba chizindikiro chofananitsa, kenako 11." Muwerengereninso mzere wonse kuti aone ngati zafanana ndi zake. Tsopano bolodi lili pamwendo pake, ndipo mutha kuloza ndi mawu: "Yang'ana kumanzere kwa chizindikiro chofananitsa. Tichotsa 3 kumeneko, tichotsanso 3 kumanja. Pamzere wachiwiri lemba zotsala." Apa khalani chete, muwerenge chamumtima mpaka khumi. Kukhala chete pojambula kumachititsa manyazi, munthu umaona ngati ukutaya nthawi, koma ndi pamenepo pomwe mwana amagwira ntchito. Mukatero nenani: "Ngati walemba 2x = 8, uli bwino. Ngati walemba 14, waphatikiza m'malo mochotsa. Bwerera pamzere woyamba." Yankho lolakwika limene ana amakonda kupeza mukulidziwa kale kuchokera m'makope mwawo, choncho litchuleni, popeza palibe amene adzakweze dzanja. Pomaliza, akagawa mbali zonse ndi 2 n'kupeza x = 4, mumuuze abwezere 4 m'samu yoyamba aone yekha kuti 8 ndi 3 zikupereka 11.

Phunziro lotere lisapitirire mphindi 10. Chifukwa chake si kutopa kwa mwana kokha. Patimafoni tambiri, kubwerera m'mbuyo pang'ono n'kovuta. Ukadina molakwika, fayilo imayambiranso poyamba, ndipo bambo akalandira foni pakati pake, malo aja atayika. Mutu wautali muudule zidutswa. Mafunso atatu oyeserera akhale kumapeto kwa chidutswa, mayankho ake kumayambiriro kwa chotsatira. Ngati ana ali ndi buku, tchulani tsamba.

Maina a mafayilo akhale aafupi, nambala patsogolo, chifukwa kafoni kamaonetsa zilembo zoyambirira zokha. Lembani 01, 02, mpaka 10, osati 1, 2, apo ayi 10 idzakhala patsogolo pa 2. Dzina ngati 03_Masamu_F1.mp3 ndi lokwanira. Nenaninso nambala ndi mutu wa phunzirolo ndi pakamwa poyamba penipeni, poti fayilo ikadutsa m'mafoni asanu pa Bluetooth dzina lake limatha kusinthidwa.

Za makhadi, gulani aang'ono. Timafoni tambiri timawerenga khadi ya FAT32 yosapitirira 32 GB; ya 64 GB imabwera mu exFAT ndipo timaikana. Chenjerani ndi khadi yotsika mtengo modabwitsa yolembedwa nambala yaikulu. Yabodza imalandira mafayilo bwinobwino, maina onse n'kumaoneka, koma omalizira satseguka chifukwa malo enieni anatha kale. Muiyese poidzaza, kenako mutsegule mafayilo amene mwaika pomaliza. Khadi ikachokera kwa anyamata oika nyimbo ndi mafilimu pamsika, n'kuoneka pakompyuta kuti mafoda onse asanduka ma shortcut, imeneyo ili ndi vairasi; musawadine. Sungani maphunziro anu pakhadi ina imene siyendayenda. Ndipo khadi ya kholo musaifufute kuti mupeze malo. Muli nyimbo za kwaya ndi zithunzi za ukwati, ndipo mukazitaya foniyo sidzabwerekedwanso kwa mwana.

Kugawa kuchitikire pasukulu, masana, aphunzitsi aakulu akudziwa, ndipo makolo auzidwe pamsonkhano kuti foni idzafunika mphindi 10 madzulo alionse. Mwana, makamaka mtsikana, asabwere kunyumba kwanu kudzatenga fayilo, ndipo musatchule dzina la mwana aliyense m'zojambulazo, chifukwa simudziwa kumene zikafike. M'mudzi uliwonse sankhani nyumba imodzi yokhala ndi foni yodalirika, enawo azikatenga kumeneko pa Bluetooth. Lolemba lotsatira makope abwere. Mukapeza kuti theka la kalasi lalakwa pamzere womwewo, mvetseraninso chidutswacho pakafoni kaja, mupeze pamene munati "apa", mujambulenso.