KUWERENGA KATUNDU WA M'SITOLO: MAGULU ATATU

Mwezi uno phunziro lathu likupita kwa eni magolosale ndi alembi a makopaletivu, makamaka a dera la Mfumu Chapananga m'boma la Chikwawa. Munthu wokhala ndi mitundu 100 ya katundu sangathe kuwerenga zonse sabata ndi sabata, pakuti akatero sitolo idzakhala yotseka tsiku lathunthu. Komanso akadikira kuti chaka chithe, adzapeza kuti ndalama zinatayika kale ndipo sadziwa kumene zinalowera. Tsono achite chiyani? Agawe katundu wake m'magulu atatu, A, B ndi C, molingana ndi ndalama zimene mtundu uliwonse umadya, ndipo aziwerenga kawirikawiri gulu lodya ndalama zambiri.

Nzeru imeneyi inamveka kwambiri m'chaka cha 1951, pamene H. Ford Dickie wa kampani ya General Electric ku Amereka anaifotokoza. Iye anaona kuti m'nyumba yosungiramo katundu ndalama zambiri zimagona m'mitundu yowerengeka chabe. Zili chimodzimodzi m'kagolosale ka kumudzi.

KAPEZEDWE KA MAGULUWO

Tengani kope ndipo mulembe mtundu uliwonse wa katundu pa mzere wakewake. Pambali pake lembani kuchuluka kwa zimene zimatuluka pa mwezi, ndi mtengo umene inu munaodera chimodzi. Chulukitsani manambala awiriwa. Mukatha, lembaninso mndandandawo kuyambira chodya ndalama zambiri kutsikira pansi.

Taonani chitsanzo cha golosale ya mitundu 10. Mitengoyi taiyika yongophunzirira. Inu muyikepo ya pa malisiti anu.

Shuga: mapaketi 100 pa K3,000, ndiye K300,000
Mafuta ophikira: mabotolo 50 pa K5,000, ndiye K250,000
Sopo: 200 pa K800, ndiye K160,000
Mchere: mapaketi 160 pa K500, ndiye K80,000
Mabatire: 70 pa K1,000, ndiye K70,000
Masamba a tiyi: mapaketi 100 pa K500, ndiye K50,000
Machesi: mabokosi 400 pa K100, ndiye K40,000
Makope: 50 pa K500, ndiye K25,000
Tayala la njinga: 1 pa K15,000, ndiye K15,000
Malezala: 100 pa K100, ndiye K10,000

Zonse pamodzi zikwana K1,000,000. Tsopano phatikizani kuyambira pamwamba. Shuga, mafuta ndi sopo zikupanga K710,000, ndiko kuti K71 pa K100 iliyonse. Ili ndilo gulu A. Mchere, mabatire ndi tiyi zikupanga K200,000, ndipo ndilo gulu B. Zinayi zotsalazo zikungokwana K90,000, ndilo gulu C. Palibe lamulo lokhwima la pamene mzere uyenera kudulidwa, koma ambiri amatseka gulu A ndalama zikafika pakati pa K70 ndi K80 pa K100 iliyonse.

Pano pali zinthu ziwiri zimene zimasokeretsa anthu. Tayala la njinga ndilo lokwera mtengo kuposa china chilichonse m'sitoloyi, koma lili m'gulu C chifukwa limatuluka limodzi lokha pa mwezi. Machesi ndiwo ochuluka kuposa zonse, komabe nawonso ali m'gulu C chifukwa mtengo wake ngwochepa. Choncho musayang'ane mtengo wokha kapena kuchuluka kokha. Chofunika ndi yankho la ziwirizo mutazichulukitsa.

Kodi kusiyanaku kuli ndi phindu lanji? Tiyerekeze kuti pa zinthu 20 zilizonse chimodzi chikusowa. Pa machesi mudzataya mabokosi 20, ndiwo K2,000. Pa shuga mudzataya mapaketi 5 okha, koma ndiwo K15,000. Maso anu ayenera kukhala kumene kubowoka kwa thumba kuli kwakukulu.

MUWERENGE KANGATI?

Gulu A liwerengeni sabata iliyonse, tsiku lomwelomwelo, m'mawa musanatsegule. Gulu B likwanira kamodzi pa mwezi, ndipo gulu C kamodzi pa miyezi itatu. M'sitolo ya mitundu 100, momwe 20 ili mu A, 30 mu B ndi 50 mu C, mudzawerenga mizere 400 pa miyezi itatu. Mukadati muziwerenga zonse sabata iliyonse, mizere ikadakhala 1,300.

Kuwerenga kokha sikuthandiza ngati simuyerekeza ndi kope. Tinene kuti Lolemba lapitalo munali ndi mapaketi 30 a shuga, m'kati mwa sabata munaoda 20, ndipo kope likuti munagulitsa 24. Payenera kutsala 26. Mukawerenga pa shelefu ndi m'kachipinda n'kupeza 23, ndiye kuti atatu asowa, ndiwo K9,000.

Musafulumire kuloza chala mnyamata wogulitsa. Yambani mwafunsa ngati pali amene anatenga pa ngongole osalembedwa, ngati paketi ina inapita kunyumba kukathira mu tiyi, kapena ngati ina inang'ambika n'kulowa nyerere. Kumbukiraninso ngati munawerenga belo pamene munalilandira ku holoselo. Zinthu za masiku asanu ndi awiri munthu amazikumbukira, koma za miyezi itatu zimaiwalika. Paketi imodzi ikasowa kamodzi, mwina ndi kulakwitsa polemba. Koma mtundu womwewo ukamaperewera masabata atatu otsatizana, dziwani kuti pali pobowoka, ndipo muyambe kuuwerenga madzulo aliwonse kufikira mutapeza chifukwa chake.

PAMENE MASAMUWA SAKWANIRA

Choyamba, magulu amasintha ndi nyengo. Makope, amene ali mu C miyezi yambiri, amatuluka ochuluka sukulu zikamatsegulira. Mbewu ndi makasu zimayenda mvula ikayandikira, ndipo alimi akagulitsa thonje kapena chitowe anthu amagula zitenje ndi zipangizo za njinga. Chifukwa chake bwerezani masamuwa miyezi itatu iliyonse. Amene ali ndi kope la chaka chathunthu agwiritse ntchito manambala a chaka chonse, koma m'nyengo ya malonda akweze katundu wa nyengoyo.

Chachiwiri, kanthu kakang'ono kolowa m'thumba la malaya mosavuta, monga mabatire, ndi bwino kukakweza kuchoka mu B kupita mu A ngati kakhala kakusowa.

Chachitatu, gulu C silitanthauza katundu wopanda ntchito. Anthu a kwa Chapananga akudziwa bwino zimene mtsinje wa Mwanza umachita m'dzinja. Mu Januwale 2022 madzi a namondwe Ana anaononga mlatho wa Chapananga. Msewu wopita ku boma la Chikwawa ukaduka, sitolo yopanda machesi kapena mchere imabweza anthu pakhomo, ndipo wobwezedwayo amakagula shuga ndi mafuta komwe wapeza machesiwo. Tsono mvula isanayambe werengani gulu B ndi C lonse, ndipo muode zokwanira. Katundu wotere sadya ndalama zambiri, ndipo machesi ndi mchere zikasungidwa pouma zimakhalitsa.

Aphunzitsi a makalasi akuluakulu angathe kupatsa ana awo samu iyi: ngati matayala a njinga atayamba kutuluka 12 pa mwezi, kodi adzadya ndalama zingati, ndipo adzakhala m'gulu liti? Yankho ndi K180,000. Tayala lidzaposa sopo, lidzalowa m'gulu A, ndipo mwini sitolo ayenera kuyamba kuwerenga matayala ake Lolemba lililonse.